Malungo Aakulu mwa Mwana: Yang'anani Maso Ake, Mverani Kupuma Kwake

M'makomo mwathu muno, mayi akafuna kudziwa ngati mwana wadwala kwambiri amamugwira pamphumi kapena pamimba. Thupi likatentha ngati moto, nyumba yonse imatekeseka. Likazizirako, mitima imakhala pansi ndipo aliyense amabwerera ku ntchito zake. Koma kutentha kwa thupi si muyeso wodalirika wa kukula kwa malungo. Alipo ana amene thupi lawo limaotcha koma akuyamwa, akulira mwamphamvu, akukankha dzanja la mayi wawo. Alipo enanso amene thupi lawo limangofunda pang'ono, ali phee pamphasa ngati agona tulo tabwino, chonsecho moyo wawo uli pachiswe.

Zinthu ziwiri zimatiuza zoona kuposa dzanja la pamphumi. Choyamba: kodi mwanayo ali maso ndipo akutizindikira? Chachiwiri: kodi akupuma motani? Madokotala a ku Kilifi, m'mbali mwa nyanja ku Kenya, anatsatira ana oposa 1,800 amene anagonekedwa ndi malungo, ndipo zimene anapeza anazifalitsa mu 1995. Ana ambiri amene anamwalira anali ndi chimodzi mwa zizindikiro ziwirizi, kusazindikira kapena kupuma movutika, ndipo amene anali nazo zonse ziwiri ndiwo anali pangozi yoposa. Anapezanso kuti pa ana 10 alionse amene anamwalira, oposa 8 anamwalira tsiku loyamba lisanathe chifikireni kuchipatala. Malungo aakulu sadikira kuti kuche. Nchifukwa chake kuwazindikira kuyenera kuyambira pakhomo, ndi munthu amene ali pafupi ndi mwanayo.

Chimene chimachitika m'thupi mwa mwana

Mwa mitundu ya tizilombo toyambitsa malungo, mtundu wotchedwa falisiparamu ndiwo wafala kuno kwathu, ndipo ndiwo umapha. Kachilomboka kamalowa m'maselo ofiira a magazi, amene ntchito yawo ndi kunyamula mpweya wabwino kupita nawo ku ziwalo zonse. Kakamakula m'katimo, selo lija limasanduka lomata. M'malo moyenda ndi magazi, limakakamira m'mbali mwa timitsempha ting'onoting'ono, ndipo ena ambiri amadzaunjikana pomwepo mpaka njira ya magazi imachepa, monga mmene matope amatsekera ngalande ya kudimba.

Zimenezi zikachitika m'timitsempha ta mu ubongo, mwana amayamba kuwodzera, kusokonezeka, kukomoka, kenako osadzukanso ngakhale mumugwedeze. Amenewa ndiwo malungo a mu ubongo. Pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, ofufuza anajambula ubongo wa ana odwala matendawa ndi makina apadera, ndipo mu 2015 anafalitsa zoti ana ambiri amene anamwalira anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Chigaza sichifutukuka, choncho ubongo ukatupa umapanikiza gawo la kumunsi limene limalamulira kupuma, ndipo mwana amangosiya kupuma.

Ku thupi lonse nako kumachitika zina. Tizilombo timaphwanya maselo ofiira ambirimbiri, magazi nkuchepa. Otsalawo amayenda movutika m'timitsempha totsekeka tija. Minofu ikasowa mpweya wabwino imatulutsa asidi, yemwe uja amapweteketsa miyendo munthu akathamanga chokwera phiri. Asidiyu akachuluka m'magazi, thupi limayesa kumuchepetsa mwa kupuma mozama kwambiri. Ndiye chifukwa chake mwana wa malungo aakulu amatha kupuma ngati wathamanga mtunda wautali, pamene iye wangogona ndipo mapapo ake alibe vuto lililonse.

Kuzindikira malungo a mu ubongo

Nthawi zambiri matendawa amafulumira mwa ana kusiyana ndi akuluakulu. Mwana amene dzana anali kusewera, dzulo anatentha thupi ndi kusanza, lero akhoza kukhala wosadzuka. Pali masitepe amene amatsika, ndipo ndi bwino kuwadziwa kuti musadikire lomaliza.

Sitepe yoyamba ndi kufooka kotheratu. Mwana amene amakhala yekha pansi tsopano akumukhazika amangopendekeka nkugwa. Khanda limene silinayambe kukhala limalephera kuyamwa: bere likalowa m'kamwa silikoka, kapena likoka kawiri nkulisiya. Mwana wotere, ngakhale akutsegula maso ndi kukuzindikirani, ali kale ndi malungo aakulu. Mapiritsi akumwa samukwaniranso.

Sitepe yachiwiri ndi tulo tosadzutsika bwino. Apa mpamene makolo ambiri amanyengeka, poganiza kuti mwana akupumula pambuyo povutika usiku wonse. Musamusiye. Mudzutseni ndipo muyese zinthu zitatu, zomwezo zimene anamwino amayesa. Muyeso wake unakonzedwa konkuno ku Blantyre ndi madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor pamodzi ndi anzawo, unafalitsidwa mu 1989, ndipo lero ukugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri kumene kuli malungo. Anaukonzera dala ana aang'ono amene sanayambe kulankhula.

Chinthu choyamba ndi maso. Ikani nkhope yanu pafupi ndi yake, ndipo muisunthe pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere. Mwana amene akuzindikira amaitsatira ndi maso. Amene ubongo wake wakhudzidwa amangoti tong'o, maso ali otsegula koma osaona kanthu. Chachiwiri ndi kulira. Tsinikizani mwamphamvu ndithu pachikhadabo cha chala chake. Mwana wabwino amalira kulira kwake kwa masiku onse. Wodwala kwambiri amangobuula, kapena amalira kulira kwachilendo, kapena satulutsa mawu ngakhale pang'ono. Chachitatu ndi mmene amachitira ndi ululu. Tsinikizani ndi mfundo ya chala chanu pafupa la pakati pa chifuwa chake. Mwana wozindikira amabweretsa dzanja lake kudzachotsa lanulo, chifukwa akudziwa pamene pakupweteka. Wina amangobweza mkono mukamutsina chala, osadziwa kumene ululu ukuchokera. Wina sasuntha konse.

Kuchipatala amapereka mapointi pa zitatuzi: 1 pa maso, 2 pa kulira, 2 pa kusuntha, onse pamodzi 5. Mwana wamalungo amene wapeza 2 kapena kucheperapo, patapita nthawi yoposa theka la ola chikomokereni, ndipo palibe chifukwa china chimene chapezeka, amatengedwa kuti ali ndi malungo a mu ubongo. Inu pakhomo simufunika kuwerenga mapointi. Mwana akalephera chimodzi chokha mwa zitatuzi, nyamukani.

Kukomoka nako kuli mitundu iwiri. Kuli kuja kodziwika, kumene mwana amauma thupi, kuphupha manja ndi miyendo, maso kutembenuka, thovu kukamwa. Koma kuli kwina kobisika kumene ngakhale agogo odziwa zambiri sakuona: chala chimodzi chikugwedezeka chokha mobwerezabwereza, mbali imodzi ya mlomo ikunjenjemera, maso apendekera mbali imodzi ndipo akuphethira mwachilendo, malovu akutuluka, kupuma kukudukizadukiza. Kumenekonso ndi kukomoka, ndipo kukapitirira kumavulaza ubongo chimodzimodzi.

Nzoona kuti ana ena aang'ono amakomoka chifukwa cha kutentha thupi kokha, nkutsitsimuka pakapita mphindi zochepa, kuyamwa ndi kuyamba kusewera. Koma pamene mwana akuphupha m'manja mwanu simungadziwe kuti ndi kukomoka kwa mtundu uti. Kukomoka kulikonse kwa mwana wotentha thupi nkoyenera kuchipatala tsiku lomwelo. Kukabwereza, kukapitirira mphindi 5, kapena mwana akapanda kutsitsimuka pambuyo pake, ngozi yakula. Si khunyu, si tsempho, ndipo palibe amene wamuchita chipongwe. Nthawi imene banja limathera pofunsana za zimenezi ndi nthawi imene ubongo ukutupa.

Kuzindikira kupuma kwangozi

Kupuma sikuoneka bwino mwana ali m'chitenje kumbuyo kapena atafunditsidwa bulangete. Mugonekeni, muvuleni malaya, ndipo muyang'ane chifuwa ndi mimba ali phee, osati akulira.

Yambani ndi kuwerenga. Tengani foni kapena wotchi, muwerenge kuti chifuwa chakwera kangati pa mphindi imodzi yathunthu. Kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11, kupuma ka 50 kapena kuposerapo ndi kofulumira. Kwa mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, malire ndi ka 40. Kenako yang'anani m'munsi mwa nthiti. Mwana wabwino akamakoka mpweya, chifuwa chonse ndi mimba zimakwera limodzi. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati pamene iye akukoka mpweya, ndiye kuti akuvutika. Onaninso ngati mphuno zikutukuka pa kupuma kulikonse, ndi ngati akubuula potulutsa mpweya.

Koma chizindikiro chimene chimaphonyedwa kawirikawiri ndi kupuma kozama kuja kobwera ndi asidi. Nthawi zina sikukhala kofulumira kwenikweni. Mwana amakoka mpweya wambiri, nkuutulutsa wonse, nkukokanso, mosalekeza, ngati munthu amene akuusa moyo kosatha. Mukhoza kukumva muli pakhomo la chipinda. Sakhosomola, m'chifuwa simulira, ndiye anthu amati si chibayo, dikirani tione. Ena amati ndi chibayo, nkukagula mankhwala a chifuwa kugolosale. Onsewa ataya nthawi. Mwana wotentha thupi amene akupuma chotere ali pangozi yofanana ndi ya mwana amene wakomoka, ngakhale akuyankha mukamuitana.

Mukaona kupuma kotere, tsegulani chikhatho chake muchiyerekeze ndi chanu, ndipo mukokere pansi chikope cha m'munsi. Chikhatho chotuwa ngati pepala ndi m'kati mwa chikope moyera zikusonyeza kuti magazi achepa kwambiri. Mwana amene watuwa chotere ndipo akupuma movutika amafunika chipatala chimene chingathe kumuika magazi, ndipo zimenezi muzinene poyera kwa wachipatala woyamba amene mwakumana naye.

Ola loyamba: zochita ndi zosachita

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 4, wolemera makilogalamu 14 malinga ndi buku lake la kusikelo. Watentha thupi masiku awiri. Lachisanu madzulo, banja likukonzekera kulandira Sabata, wasanza phala, ndipo pofika 8 koloko usiku wakomoka kwa mphindi zitatu. Kuphupha kwatha, koma patha theka la ola asanadzuke. Maso ali tong'o, akamutsina chala amangobuula ndi kubweza mkono, ndipo akupuma mozama. Chipatala chaching'ono chili pa mtunda wa maola awiri. Mlangizi wa zaumoyo amene amayendetsa chipatala cha m'mudzi amakhala tsidya la dambo.

Pamene akuphupha, ntchito ndi yomuteteza basi. Mugonekeni chammbali pamalo ofewa, kutali ndi moto ndi mbaula, mutu utapendekera pansi pang'ono kuti malovu ndi masanzi zituluke. Musamuike supuni, chala kapena kamtengo m'kamwa. Lilime salimeza, koma supuni imathyola mano ndi kutseka mpweya. Musamupanikize manja ndi miyendo, musamufukizire utsi, musamuthire madzi ozizira. Wina ayang'ane nthawi, chifukwa kuchipatala adzafunsa kuti kukomokako kunatenga mphindi zingati ndipo kunachitika kangati.

Mwana amene sakuzindikira musamumwetse kanthu: madzi, phala, tiyi, panado, LA, ngakhale mankhwala azitsamba. Sangathe kumeza bwino, ndipo zimene mwamuthira m'kamwa zimalowera m'mapapo. Makala opera, madzi a mandimu ndi kusambitsa ndi madzi, zimene mabanja ambiri amazidalira pa matenda ena ang'onoang'ono, sizipha kachilombo ka malungo. Asipirini musamupatse mwana, ngakhale mankhwala a mutu a m'golosale amene muli asipirini, chifukwa amawonjezera asidi uja m'magazi. Ngati thupi latentha kwambiri, muvuleni zovala zokhuthala ndi kumupukuta ndi kansalu konyowa ndi madzi ofunda, koma zimenezi zichitike uku njinga ikukonzedwa.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene mungaike m'kamwa mwake. Mwana amene sanadye tsiku lonse ndipo ali ndi malungo aakulu shuga wa m'magazi ake amatsika, ndipo kutsika kumeneku pakokha kumakomola ndi kupha. Tengani shuga wosapitirira kasupuni kakang'ono kamodzi, mumunyowetse ndi timadontho ta madzi, ndipo mumupake pang'onopang'ono pansi pa lilime kapena m'kati mwa tsaya, mwana ali chigonere chammbali ndipo kuphupha kutatha. Shugayo amalowa m'thupi kudzera m'kamwa momwemo popanda kumeza. Mwana amene akadali maso ndipo akutha kuyamwa, apitirize kuyamwa m'njira monse.

Tsopano ulendo. Bambo apite kukagogoda kwa mlangizi wa zaumoyo pamene wina akufunafuna njinga yamoto. Alangizi ambiri a zipatala za m'midzi amasunga mankhwala a atesuneti olowetsa kumalo kochitira chimbudzi, okonzedwera ana aang'ono amene sangathe kumwa mankhwala ndipo ali kutali ndi jakisoni. Kapisozi kamodzi kamakhala ka mamiligalamu 100. Mwana wosapitirira makilogalamu 10 amalandira kamodzi, ndipo wolemera kuposa apo mpaka makilogalamu 20 amalandira tiwiri, choncho mtsikana wathuyu alandira tiwiri. Akalowetsa, mayi agwire matako a mwana pamodzi kwa mphindi 10 kuti mankhwala asatuluke. Akatuluka theka la ola lisanathe, amaikanso ena.

Apa pali msampha. Pakapita maola angapo mwana akhoza kutsegula maso, kupempha madzi, ndipo banja nkuganiza zobwerera kunyumba. Mankhwala olowetsawa sachiza malungo aakulu. Amangochepetsa tizilombo kwa kanthawi kuti mwana afike wamoyo kumene kuli jakisoni, magazi ndi mpweya wa m'botolo. Mwana wobwezedwa panjira amadzadwalanso, nthawi zambiri moposa poyamba. Ngati kupita kwa mlangizi kukutalikitsa ulendo kuposa kulunjika kuchipatala, lunjikani kuchipatala.

Za Sabata zisakugwireni mwendo. Ambuye Yesu anachiritsa odwala pa tsiku la Sabata, ndipo kulipira njinga yamoto kuti mwana apulumuke si kuswa lamulo. Ngati mukufuna akulu a mpingo kuti apemphere, aimbireni foni akupezeni panjira kapena kuchipatala. Pempherani mukuyenda. Panjinga mwana akhale chammbali m'manja mwa munthu wamkulu, nkhope ili poonekera, khosi lisapindike. Tengani buku la kusikelo, mapaketi a mankhwala alionse amene wamwa, ndi kalata ya mlangizi. Ngati nkotheka, pakhale wachibale wamkulu wathanzi amene angapereke magazi atafunika.

Zimene zimachitika mukafika kuchipatala

Musakhale pamzere. Pitani kwa namwino kapena wachipatala aliyense amene mwamuona, munene mawu ochepa omveka: mwana wakomoka, sakudzuka, akupuma movutika. Zipatala zathu zimaphunzitsa antchito ake kusankha ana otere kuti aonedwe nthawi yomweyo, ndipo palibe wa pamzere amene angakudani nazo.

Achipatala amayamba ndi zimene zingaphe mwana m'mphindi zochepa. Amaona ngati njira ya mpweya ili yotseguka, amachotsa masanzi, ndipo amamuika timachubu ta mpweya m'mphuno ngati akufunika. Amamubaya chala kuyeza shuga. Akapeza kuti watsika, kapena ngati choyezera palibe koma mwana sakudzuka, amamupatsa madzi a shuga kudzera mumtsempha, mamililita 5 pa kilogalamu iliyonse. Kwa mtsikana wa makilogalamu 14 uja ndi mamililita 70. Nthawi zina mwana amatsitsimuka pomwepo, ndipo zikatero zimadziwika kuti chimene chinamugonetsa kwambiri ndi shuga. Ngati akuphuphabe, amamupatsa dayazepamu kudzera kumalo kochitira chimbudzi kapena mumtsempha, kapena jakisoni wina woletsa kukomoka. Dontho lina la magazi limapita pa kachipangizo koyezera malungo, kamene kamayankha pakatha mphindi 15 mpaka 20, koma mwana akakhala wodwalitsa sadikira yankho kuti ayambe mankhwala.

Mankhwala enieni ndi jakisoni wa atesuneti, wa mumtsempha kapena wa pantchafu. Mwana wosakwana makilogalamu 20 amalandira mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse, choncho mtsikana wathu alandira mamiligalamu 42. Wolemera makilogalamu 20 kapena kuposa amalandira 2.4 pa kilogalamu. Jakisoni woyamba amabayidwa pofika, wachiwiri pakatha maola 12, wachitatu pakatha maola 24, kenako kamodzi patsiku mpaka mwana atayamba kumeza. Majakisoni atatu oyambawo ayenera kukwana ngakhale mwana atadzuka msanga. Mayi amene akudikirira mwana alembe nthawi ya jakisoni woyamba pachikuto cha buku, kuti wachiwiri akayandikira akumbutse mwaulemu, makamaka usiku pamene namwino mmodzi akuyang'anira ana ambiri. Achikulire amene anazolowera diripi ya kwinini asadabwe. Kafukufuku wa ana oposa 5,400 m'maiko 9 a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique, amene anafalitsidwa mu 2010, anapeza kuti pa ana 100 alionse olandira kwinini anamwalira pafupifupi 11, pamene pa olandira atesuneti anamwalira pakati pa 8 ndi 9. Kuchokera pamenepo atesuneti ndiye anakhala mankhwala oyamba.

Pali zinthu zitatu zimene makolo amakangana nazo ndi achipatala, ndipo ndi bwino kuzimvetsa tsoka lisanagwe.

Choyamba ndi magazi. Achipatala amayeza kuchuluka kwa magazi ndi nambala. Mwana wathanzi amakhala pa 11 kapena kuposa. Ikafika pa 4 kapena kutsikirapo, amaikidwa magazi mosakayika. Ikakhala pakati pa 4 ndi 6 koma mwana akupuma mozama kapena sakuzindikira, amaikidwanso. Tinene kuti mtsikana uja wapezeka pa 5. Adzalandira magazi pafupifupi mamililita 280, mamililita 20 pa kilogalamu, oyenda pang'onopang'ono kwa maola atatu kapena anayi. Magazi amenewa amakhala atayezedwa matenda. Madzi a masamba, bitiruti ndi zakudya zina zowonjezera magazi zili ndi malo ake mwana akachira, koma zimagwira ntchito pa masabata, pamene mwanayu akufunika magazi usiku womwewo. Nthawi zambiri kupuma kozama kuja kumayamba kudekha magazi akamalowa.

Chachiwiri ndi diripi. Makolo ena amadandaula kuti ikudontha mochedwa, ndipo ena amaitsegula okha namwino akatuluka. Musayerekeze. Kafukufuku wa ku Kenya, Uganda ndi Tanzania wa mu 2011 anasonyeza kuti kuthira madzi ambiri mofulumira mwa ana odwalitsa ndi kutentha thupi, ambiri mwa iwo a malungo, kunachulukitsa imfa m'malo mozichepetsa. Madontho aja anawerengedwa molingana ndi kulemera kwa mwana.

Chachitatu ndi kutenga madzi a pamsana. Matenda oumitsa khosi amafanana kwambiri ndi malungo a mu ubongo: kutentha thupi, kukomoka, kusadzuka. Ndipo kuno kwathu mwana akhoza kupezeka ndi tizilombo ta malungo m'magazi pamene chimene chamugonetsa ndi china. Ku Blantyre komweko, pounika matupi a ana amene ankaganiziridwa kuti amwalira ndi malungo a mu ubongo, anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anafa ndi matenda ena. Nchifukwa chake dokotala amapempha kutenga timadontho ta madzi a pamsana, amayang'ana m'kati mwa diso ndi kagalasi kowala kufuna zizindikiro zimene malungo amasiya kumeneko, ndipo amawonjezera jakisoni wopha mabakiteriya. Anthu amati kutenga madzi a pamsana kumapha chifukwa amakuona kukuchitika pa ana amene ali kale kayakaya. Dokotala akaona kuti mwana sali bwino moti nkumutenga madziwo, amayamba wapereka mankhwala nkudikira.

Masiku a m'chipatala ndi pobwerera kunyumba

Mwana wa malungo a mu ubongo amene akulandira mankhwala nthawi zambiri amadzuka pakatha tsiku limodzi kapena awiri, ena atatu. Pa nthawiyi womudikirira ndiye maso a namwino. Mutembenuzeni maola awiri alionse kuti asachite zilonda, agone chammbali, ndipo musamudyetse pakamwa mpaka achipatala atalola. Akamuika kachubu ka m'mphuno kodyetsera, musakachotse. Itanani namwino msanga mukaona kugwedezeka kuja kwa chala kapena mlomo, kupuma kukasintha kapena kuyamba kudukiza, thukuta lozizira likatuluka, kapena mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka. Kunena zoona, ngakhale ndi chithandizo chabwino, mwa ana asanu kapena asanu ndi mmodzi amene afika pa malungo a mu ubongo, mmodzi amamwalira. Popanda chithandizo pafupifupi onse amamwalira. Mpata waukulu uli ndi mwana amene wafika akadali pa sitepe yoyamba ija, atangolephera kukhala kapena kuyamwa.

Akadzuka ndi kuyamba kumeza, amapatsidwa LA wa masiku atatu, kawiri patsiku, kumwa kasanu ndi kamodzi. Wa makilogalamu 14 amamwa piritsi limodzi nthawi iliyonse. Amwere limodzi ndi mkaka, bere kapena phala lothira nsinjiro, chifukwa mankhwalawa amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta pang'ono. Jakisoni anapha tizilombo tambiri, koma LA ndiye amamaliza totsala. Osasunga mapiritsi awiri omaliza kuti adzathandize m'bale wake.

Kutuluka m'chipatala si kutha kwa nkhani. Magazi akhoza kutsikanso pakatha sabata imodzi mpaka atatu, choncho muziyang'ana zikhatho ndi zikope, ndipo mubwerere pa tsiku limene anakuuzani ngakhale mwana akuoneka bwino. Ngati anaikidwa magazi, funsani ngati pali mankhwala oteteza malungo oti azimwa miyezi yotsatira, chifukwa ana otere amadwalanso mosavuta. Agone m'neti usiku uliwonse. Katemera wa malungo, amene Malawi anali dziko loyamba kuyamba kumupereka kwa ana kusikelo mu 2019, amachepetsa malungo aakulu koma sawathetseratu, choncho mwana wobayidwa katemera akaonetsa zizindikiro zimenezi athamangitsidwe chimodzimodzi.

Ana ena amatuluka ndi zovuta zooneka: mkono kapena mwendo wofooka, kusaona, kusamva, kusalankhula. Ambiri amasintha pakapita masabata kapena miyezi, makamaka kusaona, ndipo masewera olimbitsa ziwalo amene achipatala amaphunzitsa amathandiza. Ena zovuta zawo zimadzaoneka mochedwa, monga khunyu, kuiwalaiwala kusukulu, kapena ukali ndi kusakhazikika kumene kunalibe kale. Mwana wotere si wamwano ndipo sanalodzedwe. Uzani aphunzitsi ake za matenda amene anadwala, ndipo mubwerere naye kuchipatala ndi buku lake, chifukwa khunyu ili ndi mankhwala ndipo mwana amene akuwamwa mokhulupirika amatha kuphunzira limodzi ndi anzake.